Kope langa likusanduka guwa: ndilembe bwanji za chikhulupiriro ndi kukayika?

Funso: Ndine mayi wa ku Kapata, ku Chipata, ndipo ndimayimba kwaya. Alongo anga anamwalira chaka chatha titapemphera mausiku atatu osagona. Chiyambire maliro aja sindinapempherepo pandekha, ngakhale ku tchalitchi sindijomba. Ndinagula kope kuti ndizilembamo, ndipo ndikufuna tsiku lina ndilembe nkhani yoti ena awerenge. Koma taonani zimene zimatuluka: "Imfa ya alongo anga inandiphunzitsa kuti njira za Mulungu si njira zathu. Abale, tisataye mtima pa mayesero, pakuti Iye amadziwa zonse. Tiyeni tikhale olimba." Ndikati ndilembe zenizeni, zimamveka ngati ndikudzionetsa kuti ndine wochenjera kuposa anzanga. Nditani?

Yankho: Amayi, pepani ndi maliro.

M'ziganizo zitatu zimene mwatumizazi mwina mulibe bodza, koma mulibenso inuyo, ndipo alongo anu angotchulidwamo podutsa. Bambo wa ku Lundazi amene anataya mwana, kapena mlimi wa ku Petauke amene chimanga chake chinapserera m'munda ndi chilala cha 2024, angakopere mawu omwewa n'kungosintha dzina la tsokalo. Muyeso woyamba wa zolemba zotere ndi umenewu. Chiganizo chimene aliyense wa mu mpingo angachisayinire si chanu, n'chobwereka.

Sikuti ndinu wachinyengo ayi. Taganizani kumene mumamvera anthu akulankhula za Mulungu m'chilankhulo chathu: paguwa, pa umboni, pa maliro, pa wailesi m'bandakucha, m'basi ya ku Lusaka isananyamuke. Konseko wolankhula amakhala ndi gulu patsogolo pake, ndipo ntchito yake ndi kulilimbikitsa. Kuno kum'mawa kulembako kunabwera ndi amishoni. A Dachi anafika ku Magwero mu 1899, ndipo zoyamba kuwerenga za agogo athu ambiri zinali katekisma, nyimbo ndi Baibulo, moti Chinyanja cholembedwa chonena za Mulungu chinakula ndi liwu la mphunzitsi. Onjezanipo kuti chiyambire 1991 dziko lathu limatchedwa lachikhristu, ndiye kunena kuti "sindikupemphera" kumakhala ngati kuvula pamsika. Mukagwira cholembera, dzanja limangolowera njira imene likuidziwa, ngati ng'ombe zobwerera ku khola madzulo. Chabwino chake n'chakuti ulaliki umasiya mapazi ooneka m'mawu, ndipo mungathe kuwalonda.

Tengani cholembera chofiira muwerenge zimene mwalemba kale. Choyamba dulani mzere pansi pa mawu onse oitana gulu: abale, okondedwa, tiyeni, tiyenera, ndi mneni aliyense woyamba ndi "ti" n'kuthera "e", monga tikhale, tipirire, tisataye. M'kope mulibe abale. Mukaona mawu amenewa dziwani kuti mwasiya kuyang'ana zimene zinakuchitikirani ndipo mwatembenukira ku mabenchi amene kulibe. Nthawi zambiri kutembenukako kumachitika pamalo enieni pamene nkhani inali pafupi kupweteka. Choncho musangofufuta "tisataye mtima". Bwererani ku chiganizo chimene munalemba musanafike pa mawu amenewo mudzifunse kuti chinali pafupi kutuluka n'chiyani.

Chachiwiri n'kaphatikizo kakang'ono ka "ma" ka pakati pa mneni. Amadziwa, amayankha, samasiya ake. Kameneka kamanena za nthawi zonse ndi anthu onse, zimene munthu mmodzi sangazione ndi maso ake. Mnzake ndi "na", amene amanena za tsiku limodzi. Yerekezani "Mulungu amayankha mapemphero" ndi "Lachitatu ndinapempha kuti thupi lisiye kutentha, ndipo silinasiye." Chiganizo choyambacho ndi chiphunzitso. Chingakhale choona, koma malo ake ndi m'katekisma, ndipo kuchilemba kwanu sikuonjezapo kanthu. Chachiwiricho palibe wina padziko pano angachilembe koma inu. Dziwaninso kuti "Mulungu samva" ndi chiphunzitso chimodzimodzi, chongovala malaya motembenuza. Kwa milungu ingapo yoyambirira, dziikireni lamulo lakuti chiganizo chilichonse chimene mwini wake ndi Mulungu muchitembenuze kuti mwini wake akhale inu: ndinapempha, ndinadikira, ndinakwiya, ndinayimba.

Chachitatu ndi mawu akuluakulu omangidwa kukamwa ngati matumba a chimanga: mayesero, chigonjetso, njira za Mulungu, ndiponso "inandiphunzitsa kuti". Mawu otsirizawa ndi oopsa kwambiri chifukwa amatseka mlandu usanazengedwe. Mukayamba nawo, zonse zotsatira zimakakamizika kutsimikiza phunzirolo. Thumba lililonse limasuleni ndi mafunso atatu: ndi liti, kunali kuti, ananena ndani? "Mayesero" akamasulidwa mwina mutuluka ndalama za jekeseni zimene munakakongola kwa mnzanu wogulitsa salaula, ndi mmene munachitira manyazi pokapempha. Zimenezo ndiye zolemba.

Tsopano kalembedwe kake. Kope wamba la ana a sukulu ndi lokwanira. Litseguleni kuti masamba awiri aonekere limodzi, ndipo pamwamba lembani tsiku ndi malo amene mwakhala. Tsamba la kumanzere likhale la zochitika zokhazokha: zimene maso anaona, makutu anamva, manja anachita. Mawu oti ndinamva chisoni, ndinaganiza, ndikukhulupirira asalowe kumeneko. Tsamba la kumanja ligaweni pawiri. Pamwamba pakhale zimene munkaganiza nthawi imeneyo, pansi pakhale zimene mukuganiza lero. Kulekanitsa kumeneku kumaoneka ngati kwachibwana, koma kumachotsa bodza limodzi lofala kwambiri, loika nzeru za lero m'mutu mwa munthu wa tsiku lija. Usiku wa maliro palibe amene amaganiza kuti njira za Mulungu si njira zathu. Amaganiza za bokosi, za galimoto, za amene akauze amayi kumudzi.

Musalembe za chaka chonse. Sankhani ola limodzi, ndipo mulilembe kwa mphindi 15 kapena 20 patsiku, masiku anayi otsatizana. Muyeso umenewu unadziwika ndi katswiri wa za maganizo wa ku Amereka, James Pennebaker, amene kuyambira m'zaka za m'ma 1980 ankapempha anthu kulemba chonchi za zowawa zimene anakumana nazo. Chimodzi chimene chinaoneka n'chakuti ambiri akangomaliza kulemba amamva kulemedwa kwa kanthawi, ndiye zikakuchitikirani musadabwe. Pa chifukwa chomwecho musalembe mukupita kukagona. Musalembenso Lamulungu masana mutangoweruka ku tchalitchi, poti liwu la abusa limakhala likadali m'makutu ndipo mudzalemba ndi mpweya wawo. Lembani m'chilankhulo chimene munalirira. Ngati chinali Chinyanja chosakaniza ndi Chinsenga, chikhale chomwecho. Ambiri a ife tinaphunzira kulemba chimangirizo m'Chingerezi, ndipo pamodzi nacho tinaphunzira kuti mapeto ayenera kukhala ndi phunziro kuti aphunzitsi achonge bwino. Kusintha chilankhulo kumathandiza kuti chizolowezi chimenecho chitsalire kusukulu.

Tiyerekeze kuti usiku wachitatu unali wotere, inu mudzaikamo zanu zenizeni. Kumanzere mungalembe kuti: "Lachinayi, cha m'ma 2 koloko usiku, panja pa wodi ya amuna. Tinalipo anayi, ine, alamu anga ndi amayi awiri a kumpingo. Tinayala zitenje pasimenti. Kunkazizira, unali mwezi wa Juni. Mayi mmodzi ankatsogolera pemphero, ife n'kumavomera. Ndinkati amen pamene ena akuti amen, koma maso anga anali pa chitseko, ndipo ndinkawerenga kuti namwino walowa kangati. Analowa kanayi. Atatuluka kachinayiko anayang'ana ine. Phala linali likadali m'fulasiki."

Kumanja, pamwamba: "Ndinaganiza kuti pemphero silinagwire chifukwa cha ine, poti ndinkawerenga namwino m'malo mopemphera." Pansi pake: "Lero sindikudziwa ngati ndikuganizabe choncho. Ndikagwada ndimamva fungo la wodi ija, ndiye ndimadzuka n'kukatsuka mbale."

Onani kuti m'ndime zimenezi palibe chiganizo chonena kuti Mulungu ndi wotani, koma chikhulupiriro chilimo, m'zitenje zoyalidwa pasimenti mu Juni, ndipo kukayika kulimonso, m'maso amene ali pa chitseko. Wowerenga sakuuzidwa choti achite, ndiye alibe chifukwa chodzitchinjirizira. Chachikulu koposa, kulembako kwavumbula chinthu chimene wolembayo sankachidziwa poyamba. Munthu ameneyu ankati wasiya kupemphera chifukwa chokayika Mulungu, koma pepala likuonetsa kuti mwina akudziimba mlandu, ndiponso kuti kugwada kumamubwezera m'chipatala. Mukalemba tsamba lathunthu osapezamo chilichonse chimene chakudabwitsani, nthawi zambiri ndiye kuti mwangokopera zimene munazikonza kale m'mutu.

Apa tiyenera kuima pang'ono, chifukwa "kukayika" nalonso ndi thumba lomangidwa kukamwa, ndipo anthu amathiramo zinthu zosiyana kwambiri. Wina amakayika zoti Mulungu alipo. Wina sakayika zimenezo n'komwe, koma sakudziwanso ngati Mulunguyo amasamala za iye. Wina ndi wokwiya, ndipo kukwiya si kusakhulupirira, poti munthu sanyanyalira amene akuti kulibe. Wina vuto lake ndi anthu: amene anamuuza pa maliro kuti chikhulupiriro cha banja chinachepa, kapena mneneri amene anapempha ndalama ya mbewu n'kulonjeza machiritso. Wina akudziimba mlandu. Wina wangotopa. Mukapanda kusiyanitsa zimenezi mudzalemba nkhani yotsutsana ndi Mulungu pamene mlandu wanu uli ndi mayi wina wa pa benchi yachitatu, ndipo wowerenga adzamva kuti penapake sizikugwirizana ngakhale sangaloze pamene pali.

Inu muli ndi chida chabwino chosiyanitsira, chifukwa mumayimba. Pa nyimbo zonse zimene kwaya yanu imayimba, ndi mzere uti umene mawu anu amazimirira, n'kungotsala milomo ikugwedera? Ndipo ndi uti umene mumauyimbabe ndi chifuwa chonse? Mukabwera kunyumba lembani mizere iwiriyo ndi tsiku lake. Ngati mumakhala chete pa mawu onena za machiritso koma mumayimba bwino onena za kuuka kwa akufa, mwaphunzira chinthu chachindunji chokhudza pamene mng'alu uli. Mungamalizenso ziganizo ziwiri izi, chilichonse pa tsamba lake: "Chimene sindingathenso kunena ndi pakamwa panga ndi ichi", ndi "Chimene ndikuchitabe ngakhale sindikudziwa chifukwa chake ndi ichi."

Chiganizo chachiwiricho musachinyalanyaze. Anthu ambiri amaganiza kuti kulemba moona mtima ndi kulemba za mdima wokha, koma kubisa chikhulupiriro chimene chatsala ndi bodza lofanana ndi kubisa kukayika. Ku tchalitchi simujomba. Chifukwa chiyani? Lembani zifukwa zonse, osasankha zaulemu zokha. Mwina mukuopa kuti anthu anena. Mwina mumakonda mmene mawu anu amalowera pansi pa a mnzanu poyimba. Mwina ndi malo okhawo amene mumakhala maola awiri popanda wokutumani. Mwinanso mukudikira kanthu kena kamene simukufuna kukatchula. Zinayi zonsezi zingakhale zoona Lamulungu limodzi, ndipo nkhani imene ili nazo zonse imakhulupirika kuposa imene yasankha chimodzi.

Tibwere ku mantha anu achiwiri, akudzionetsa. Mantha amenewa ndi oyenera, chifukwa wokayika nayenso ali ndi guwa lake. Chizindikiro chake choyamba ndi chiganizo chokhala ndi "iwo" mbali ina ndi "koma ine" mbali inayo: "Anzanga amangovomera chilichonse, koma ine ndimafunsa mafunso." Simukudziwa zimene zili m'mitima ya anzanuwo. Mwina mayi amene amakweza manja kuposa onse nayenso ali ndi mzere umene sauyimba. Chizindikiro chachiwiri ndi funso limene yankho lake mwalikonza kale, monga "Kodi Mulungu wachikondi angalole zotere?" Limeneli si funso, ndi chigamulo chimene chavala chizindikiro cha funso. Funso lenileni mumalizindikira chifukwa mukuopa yankho lake, monga "Kodi ndikanaumirira kuti tipite kuchipatala Lolemba, osadikira mapemphero a Lachiwiri, akanakhala moyo?" Chizindikiro chachitatu ndi kudzichepetsa kwa chionetsero, kudzitcha wochimwitsitsa, wosayenera, nyongolotsi. Mawu otere amapempha wowerenga kuti akutsutseni n'kukuyamikirani.

Mankhwala ake ndi awiri, ndipo onse ndi owawa. Oyamba ndi kuwerenga zimene mwalemba n'kuona kuti ndani akutuluka wooneka bwino m'ndime iliyonse. Ngati ndinu nokhanokha, kaya ngati wopirira kaya ngati wolimba mtima wofunsa mafunso, pali chimene mwasiya. Ikanimo chinthu chimodzi chaching'ono chimene sichikukometsani. Ndikuti chaching'ono dala, chifukwa kuulula tchimo lalikulu nakonso kumatha kukhala kudzitama. Zimene zimagwira ntchito ndi zochititsa manyazi wamba: kuti mayi wina ataimirira kuchitira umboni kuti mwana wake wachira, munamva nsanje ndipo simunaombe m'manja, kapena kuti maliro atatha, pansi pa chisoni panali kampumulo poti simudzagonanso pasimenti. Lembani chiganizo chimodzi, osapepesa, osadzilungamitsa, n'kupitirira.

Mankhwala achiwiri ndi kuchitira chilungamo anthu ena a m'nkhaniyo. Ngati mayi wotsogolera pemphero ananena mawu amene anakulasani, alembeni mmene anawanenera, popanda kuonjeza kuti "mwamwano" kapena "mopanda chisoni". Ndipo lembaninso kuti mayi yemweyo anasiya bedi lake mausiku atatu kudzagona nanu panja. Wowerenga akapatsidwa ziwirizi adzaweruza yekha, ndipo adzakukhulupirirani kwambiri chifukwa simunamugwire dzanja pomuweruzitsa.

Pali nkhani ina imene olemba a kuno amakonda kuidumpha. M'mabanja ambiri matenda akakula, mapemphero ndi chipatala zimayenda limodzi ndi ulendo wa usiku wa kwa sing'anga, kapena manong'onong'o oti munthuyo analodzedwa. Ngati zinalipo, m'kope zilembeni, pamodzi ndi zimene inuyo munaganiza, ngakhale zitakhala kuti munayembekezera pang'ono kuti mankhwalawo agwira. Kope limene likuonetsa banja lopemphera lokhalokha pamene zinthu zinali zosakanikirana layamba kale kunama. Koma za m'kope zisiyane ndi zotulutsa. Lamulo la Zambia lokhudza ufiti limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, ndipo kulemba kuti "abale ena ankati ndi amalume akutiakuti" kungathe kuika munthuyo pangozi ndi inu pamlandu, ngakhale mutaonjeza kuti inu simukhulupirira zimenezo.

Vuto lalikulu la nkhani zotere limakhala kumapeto. Umboni umene tinazolowera uli ndi mafuwa atatu: ndinali m'mavuto, ndinapemphera, Mulungu anachita. Nkhani yanu ili ndi mafuwa awiri, ndipo dzanja lidzafuna kutola mwala uliwonse kuti mphika ukhazikike. Mwala umenewo nthawi zambiri umakhala vesi, kapena mawu oti "komabe Mulungu ndi wabwino". Musanautole, dziwani kuti Baibulo lenilenilo silikakamiza zimenezi. Salmo 88 ndi pemphero la munthu wodandaula kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo limathera mumdima popanda chitonthozo, koma linasungidwa pakati pa nyimbo za opembedza. M'buku la Yobu, anzake atatu aja anakhala naye chete masiku asanu ndi awiri, ndipo atayamba kufotokoza chifukwa chimene Mulungu anachitira zimenezo, kumapeto ndi iwo amene anadzudzulidwa, osati Yobu wodandaulayo. Pa Marko 9:24 bambo wa mwana wodwala ananena m'mpweya umodzi kuti akukhulupirira ndiponso kuti athandizidwe pa kusakhulupirira kwake. Sindikutchula zimenezi kuti ndikulalikireni. Ndikuti ngati wina adzati nkhani yopanda mapeto okoma si yachikhristu, mtundu wa zolemba zotere ndi wakale kuposa mipingo yathu yonse.

Vesi lingalowe m'nkhani yanu ngati chochitika, osati ngati chivindikiro. Kusiyana kwake n'kotere. Chivindikiro chimabwera kumapeto kwa ndime kudzatseka zimene zatseguka, ndipo chimayamba ndi "pakuti Mawu akuti". Chochitika chili ndi munthu, malo ndi zotsatira: mkulu wa mpingo anawerenga vesi lakuti pamanda, mphepo inkatembenuza masamba, ndipo inu munamva mkwiyo, kapena simunamve kanthu, kapena mwadzidzidzi miyendo inasiya kunjenjemera. Ngati chitonthozo chinabweradi, musachibise poopa kuoneka wolalikira. Chilembeni ndi muyeso womwe uja: tsiku, malo, chimene chinachitika m'thupi mwanu, ndi kuti chinakhala nthawi yaitali bwanji. Chitonthozo cha mphindi khumi chitchuleni kuti chinali cha mphindi khumi. Pomaliza nkhani gwiritsani mawu okhala ndi malire, monga "lero" kapena "mpaka pano", ndipo ndi bwino kuthera pa chochita, monga kusita yunifolomu ya kwaya Loweruka madzulo, kusiyana ndi kuthera pa ganizo.

Kuchoka m'kope kupita ku nkhani yoti ena awerenge, dikirani mwezi umodzi kapena iwiri musanatsegulenso masamba aja. Mukawerenga, zungulizani ndime zimene zikukudabwitsanibe. Nkhani yanu ituluke m'ndime zimenezo, ndipo ikhale ya chochitika chimodzi, mawu 800 mpaka 1,200. Musunge anthu awiri aja olekanitsidwa, inu wa usiku uja ndi inu wa lero, kuti wowerenga azidziwa amene akulankhula. Mukamaliza iwerengeni mokweza muli nokha. Pamene mawu anu akwera okha ngati a paguwa, kapena pamene mwapezeka mukusiya mpata woti anthu ati amen, dulanipo. Kenako mupatse munthu mmodzi. Asakhale abusa, asakhalenso mnzanu amene anasiya tchalitchi, chifukwa onse awiri, ngakhale ndi mtima wabwino, adzafuna kuti nkhaniyo ithere kwawo. Musamufunse ngati wagwirizana nazo. Mufunseni kuti waona chiyani, ndi pati pamene anasiya kukukhulupirirani, ndipo akuganiza kuti wolembayo akufuna aoneke munthu wotani. Yankho la funso lomalizali likakuchititsani manyazi, mwapeza pofunika kukonza.

Musanatulutse, werengerani mtengo wake muli maso. Chipata ndi yaing'ono. Ngakhale musinthe maina, a kumpingo kwanu adzazindikira wodi, mwezi ndi mayi wotsogolera pemphero. Imfayo si yanu nokha: alamu anu ndi ana awo ali ndi gawo, makamaka pa dzina la matenda, limene simuyenera kulilengeza popanda iwo kuvomera. Aonetseni nkhaniyo isanatuluke, ndipo muwalole kuchotsa zokhudza iwo, koma osati kukusinthirani zimene inu munamva. Ganiziraninso kuti m'mipingo ina nkhani yotere ingachititse kuti akulu akuitaneni, kapena kuti anzanu a kwaya ayambe kukupemphererani mokweza. Mwina mungathe kuzisenza, mwina ayi, koma musankhe musanatumize, chifukwa chimene chalowa pa WhatsApp sichibwerera. Nkhani ina ndi yoyenera kuwerengedwa ndi anthu atatu okha, ndipo imeneyo si nkhani yolephera. Kopelo lisungeni kumene ana sakafunako pepala la homuweki. Mukamalemba mukuopa kuti wina aliwerenga mawa, mudzayambanso kulembera iyeyo, ndipo "abale" adzabwerera.

Kulemba kuli ndi malire ake. Mukaona kuti masamba a sabata yachitatu akungobwereza a sabata yoyamba, mawu omwewo a "bwanji ine" popanda chinthu chatsopano chimene mwakumbukira, ndiye kuti kope lasiya kukuthandizani ndipo mukungozungulira pamalo amodzi. Litsekeni kwa kanthawi, kapena lembani za alongo anu ali moyo: mmene ankasekera, ngongole imene sanakubwezereni. Ngati tulo tasowa kwa milungu, chakudya sichikulowa, kapena maganizo ofuna kudzipha ayamba kubwera, zimenezo si za pepala. Uzani munthu amene mumamukhulupirira tsiku lomwelo, ndipo pitani kuchipatala.

Tsiku lina mudzatsegula tsamba la mu Ogasiti n'kupeza kuti simukugwirizananso nalo. Mwina mudzaona kuti munali wowawidwa mopitirira, mwinanso kuti munadzinamiza kuti mwachira. Musaling'ambe, ndipo musakonze mawu ake. Dulani mzere pansi, lembani tsiku latsopano, n'kulemba zimene mukuona tsopano. Ndime ya "tisataye mtima" imene mwatumiza ija nayonso musaitaye. Ikopereni pamwamba pa tsamba loyera, muike tsiku limene munailemba, ndipo pansi pake mufotokoze kumene munakhala poilemba, amene munkamuona m'maganizo akuiwerenga, ndi chimene munachita mutatseka kope.